Kawerengedwe ka ntchito ya injini pa pepala la timabokosi

Injini ya njinga yamoto ya kabaza ikamalira pamsewu, mpweya womwe uli m'kati mwa silinda umakhala ukupanikizidwa, kutenthedwa, kufutukuka ndi kuziziranso, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Zonsezi zimachitika m'chitsulo chotsekeka, moti palibe diso lingazione. Komabe akatswiri a injini ali ndi chojambula chimodzi chosavuta chimene chimaonetsa ulendo wonse wa mpweyawo, ndipo munthu wodziwa kuchiwerenga atha kunena kuchuluka kwa ntchito imene injini imapereka nthawi iliyonse ikamaliza mkombero umodzi. Chojambulachi ndi girafu ya pulesha ndi voliyumu, imene m'mabuku imalembedwa kuti P-V.

Sichinayambire m'kalasi ayi. Cha m'ma 1790, ku fakitale ya James Watt ku Mangalande, Watt ndi womuthandiza wake John Southern anapanga kachipangizo kokhala ndi pensulo. Pulesha ya nthunzi ikakwera, pensulo inkakwera. Pisitoni ikayenda, kabolodi kokhala ndi pepala kankayenda nayo limodzi. Injini ikamaliza mkombero, pensulo inkabwerera pomwe inayambira, itasiya mzere wotsekeka pa pepala. Kukula kwa malo ozunguliridwa ndi mzerewo ndiko kunkawauza mphamvu ya injini. M'chaka cha 1834, Mfalansa wina dzina lake Émile Clapeyron anagwiritsa ntchito girafu yomweyi pofotokoza maganizo amene Sadi Carnot analemba mu 1824, ndipo kuyambira pamenepo inakhazikika m'maphunziro a sayansi ya kutentha.

Kajambulidwe kake nkotere. Mzere wogona pansi ndi wa voliyumu, kutanthauza kukula kwa malo amene mpweya uli nawo m'silinda. Pisitoni ikatsika, malowo amakula, ndipo pa pepala timapita kumanja. Ikakwera, malowo amachepa, tipita kumanzere. Mzere woima ndi wa pulesha, kukankha kwa mpweya pa makoma a silinda ndi pamutu pa pisitoni. Kadontho kalikonse pa pepalapo kakuimira mmene mpweya ulili panthawi imodzi: uli m'malo aakulu bwanji, ndipo ukukankha motani.

Nanga malo a pa pepala angasanduke bwanji ntchito? Mu sayansi, ntchito ndi mphamvu yokankha kuchulukitsa ndi mtunda umene chinthu chasuntha. Mphamvu yokankha pisitoni ndi pulesha kuchulukitsa ndi kukula kwa mutu wa pisitoni. Kukula kwa mutuwo mukakuchulukitsa ndi mtunda umene pisitoni yayenda, mumapeza kuchuluka kwa voliyumu imene yawonjezeka. Choncho ntchito ndi pulesha kuchulukitsa ndi kusintha kwa voliyumu, W = P × ΔV. Pa girafu yathu pulesha ndi msinkhu, kusintha kwa voliyumu ndi mulifupi, ndiye kuchulukitsa ziwirizi n'chimodzimodzi kuyeza munda wa ngodya zinayi: mulitali kuchulukitsa ndi mulifupi. Ntchito ya gawo lililonse ndi malo onse amene ali pansi pa mzere wa gawolo, mpaka kukafika pa mzere wogona uja.

Tiyambe ndi mkombero wosavuta kwambiri, wa magawo anayi owongoka. Palibe injini ya pamsewu imene imayenda chonchi ndendende, koma ndi pamene mfundo yonse imaonekera poyera. Tili ndi mpweya wa lita imodzi pa pulesha ya makilopasikolo 100, imene ili pafupifupi pulesha ya mpweya wa kunja m'mbali mwa nyanja ya mchere. Ikani kadontho pamenepo, mukatche A.

Gawo loyamba, tigwire pisitoni kuti isasunthe, titenthe mpweya mpaka pulesha ifike 300. Voliyumu sinasinthe, ndiye mzere ukukwera chilili kuchoka pa A kufika pa B. Pansi pa mzere woima mulibe malo alionse, ndipo ntchito ndi ziro. Izi zimadabwitsa ambiri, chifukwa moto wayaka ndipo mafuta apita, koma pisitoni ikapanda kusuntha palibe chimene chakankhidwa.

Gawo lachiwiri, timasule pisitoni kwinaku tikupitiriza kutentha, kuti mpweya ufutukuke kuchoka pa lita imodzi kufika pa malita 3 pulesha ili pa 300 pomwepo. Mzere ukupita kumanja kuchoka pa B kufika pa C. Ntchito ndi 300 kuchulukitsa ndi 2, yomwe ndi majulo 600. Apa pali mwayi woyenera kuusunga pamtima: kilopasikolo imodzi kuchulukitsa ndi lita imodzi ndi julo imodzi ndendende, moti mukalemba pulesha m'makilopasikolo ndi voliyumu m'malita, yankho limatuluka lokha m'majulo.

Gawo lachitatu, tigwirenso pisitoni, tiziziritse mpweya mpaka pulesha itsike kufika pa 100. Mzere ukutsika chilili kuchoka pa C kufika pa D, ntchito ndi ziro kachiwiri. Gawo lachinayi, pisitoni ikubwerera, kupanikiza mpweya kuchoka pa malita 3 kufika pa lita imodzi, pulesha ili pa 100. Mzere ukupita kumanzere kuchoka pa D kubwerera pa A. Malo a pansi pake ndi 100 kuchulukitsa ndi 2, majulo 200, koma ulendo uno si mpweya umene ukukankha pisitoni. Pisitoni ndiyo ikukankha mpweya, ndiye majulo 200 amenewa ndi ngongole imene injini ikulipira kuti ikhoze kuyambiranso. Timawalemba ndi chizindikiro chochotsera.

Ntchito yotsala pa mkombero wonse ndi 600 kuchotsapo 200, majulo 400. Tsopano yang'anani bokosi limene mwajambula. Msinkhu wake ndi 200, kuchokera pa 100 kufika pa 300, mulifupi mwake ndi 2. Kuchulukitsa kukupereka 400 yemweyo. Malo a pansi pa mzere wa m'munsi awerengedwa kawiri, koyamba ngati phindu pamene mpweya umafutukuka, kachiwiri ngati ngongole pamene umapanikizidwa, ndiye afafanizika. Chotsala ndi m'kati mwa mzere wotsekeka basi.

N'chifukwa chake timivi toonetsa kolowera si zokongoletsa. Mkombero wathu wayenda motsata mivi ya wotchi: wafutukuka pulesha ili pamwamba, wabwerera pulesha ili pansi, ndipo injini yapereka ntchito. Mukatembenuza timivi, bokosi lomwelo limatanthauza makina amene akudya majulo 400 pa mkombero uliwonse. Firiji imayenda motero, ndipo ndi chifukwa chake imafuna magetsi. Girafu yopanda timivi sinanene ngati ndi ya injini kapena ya firiji, ndipo mphunzitsi amene amachotsa malikisi pa chifukwa chimenechi sakulakwa.

Pali njira yotsimikizira yankho popanda kufunsa munthu. Mpweya ukabwerera pa A umakhala ndendende mmene unalili poyamba, sunasunge kanthu. Choncho kutentha konse kumene kwalowa, kuchotsapo kumene kwatuluka, kuyenera kufanana ndi ntchito yotsala. Pa mpweya wamba, mphamvu imene uli nayo m'kati ndi pafupifupi 2.5 × P × V. Tikatsata masamu amenewa, gawo loyamba lamwa majulo 500 a kutentha, lachiwiri lamwa 2,100, pamodzi 2,600. Gawo lachitatu lataya 1,500, lachinayi lataya 700, pamodzi 2,200. Kusiyana kwake ndi 400. Njira ziwiri zosiyana zakumana pa nambala imodzi, ndipo zikapanda kukumana ndiye kuti penapake pali cholakwika. Tadziwanso kuti injini ya bokosiyi ndi yowononga: pa majulo 2,600 amene yamwa, yabweza 400 okha, pafupifupi 15 pa 100 alionse.

Tsopano tibwere ku injini ya petulo yeniyeni, ya mtundu umene Nikolaus Otto anapanga ku Jeremani mu 1876, umene uli m'galimoto zambiri ndi m'njinga zamoto zambiri za masiku ano. Mkombero wake wa pa pepala ulinso ndi magawo anayi, koma awiri mwa iwo ndi mizere yokhota, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amagwera m'mbuna.

Titenge silinda imodzi yaing'ono, ya msinkhu wa njinga yamoto. Manambalawa ndawasankha kuti masamu ayende bwino, si a injini ya kampani ina iliyonse. Pisitoni ikakhala pansi penipeni, malo a mpweya ndi malita 0.16. Ikakwera pamwamba penipeni, amatsala malita 0.02. Ndiye kuti mpweya ukupanikizidwa kasanu ndi katatu, ndipo pisitoni ikusesa malita 0.14, zimene amakaniko angati ma sisi 140. Musanalembe kadontho kalikonse, jambulani mizere iwiri yoima mopepuka, wina pa 0.02 ndi wina pa 0.16. Mkombero wonse uli pakati pa makoma awiriwa ndipo sungawadumphe.

Kadontho 1 kali pa khoma la kumanja, pansi: malita 0.16, makilopasikolo 100, kutentha kwa makelivini 300, komwe ndi madigiri 27 pa sikelo ya masiku onse. Pisitoni ikukwera mothamanga kwambiri moti kutentha kulibe mpata wothawira m'makoma a silinda. Mpweya wopanikizidwa motere umatentha wokha, ndiye pulesha yake imakwera kuposa kasanu ndi katatu. Lamulo lake ndi lakuti P × V^1.4 sisintha, ndipo 8^1.4 pa kakyuleta ndi pafupifupi 18.38. Choncho kadontho 2, pa khoma la kumanzere, kali pa makilopasikolo 1,838, mpweya utatentha kufika pa makelivini pafupifupi 689 moto usanayake n'komwe. Mzere wochoka pa 1 kupita pa 2 umayamba mokwawa pansi, n'kudzakwera mwamphamvu ukayandikira khoma la kumanzere.

Pulagi ikuthetheka, petulo ikupsa. Pa pepala timayesa kuti kupsaku kwachitika m'kuphethira kwa diso pisitoni isanasunthe, ndiye mzere ukukwera chilili pa khoma la kumanzere. Tinene kuti pulesha yafika 5,000. Ameneyo ndi kadontho 3. Kenako mpweya wotenthawo ukukankhira pisitoni pansi, kutsata lamulo lomwe lija koma chobwerera: 5,000 kugawa ndi 18.38 ndi pafupifupi 272. Kadontho 4 kali pa khoma la kumanja, pamwamba pang'ono pa kadontho 1. Valavu ya utsi ikutseguka, pulesha ikugwa kuchoka pa 272 kubwerera pa 100, ndipo mkombero watsekeka. Chimene mwajambula ndi chinthu chachitali ndi chosongoka kumanzere, chopyapyala ngati mchira kumanja.

Magawo awiri oima aja alibe ntchito, monga taonera kale. Pa magawo okhota, pulesha ikusintha njira yonse, ndiye W = P × ΔV sigwira mwachindunji. Koma popeza kutentha sikukulowa kapena kutuluka, ntchito yonse ikuchokera mu mphamvu ya m'kati mwa mpweya, ija tinati ndi 2.5 × P × V. Chofunika n'kuchulukitsa P ndi V pa kadontho kalikonse. Pa 1 tipeza 16, pa 2 tipeza 36.8, pa 3 tipeza 100, pa 4 tipeza 43.5. Pofutukuka, mpweya wapereka 2.5 × (100 − 43.5), pafupifupi majulo 141. Popanikizidwa unadya 2.5 × (36.8 − 16), majulo 52. Ntchito yotsala ndi majulo 89 pa mkombero umodzi.

Tiitsimikizirenso ndi kutentha. Kupsa kwa petulo kwalowetsa 2.5 × (100 − 36.8), majulo 158. Utsi wapita ndi 2.5 × (43.5 − 16), majulo 69. Kuchotsera kukupereka 89. Zagwirizana.

Mbuna ija ndi iyi. Munthu wofulumira amatenga lula n'kulumikiza 3 ndi 4 ndi mzere wowongoka, 1 ndi 2 chimodzimodzi, kenako n'kuwerenga malo ake. Akatero, pulesha ya pakatikati pofutukuka imaoneka ngati 2,636, ndipo kuchulukitsa ndi 0.14 kumapereka majulo 369 m'malo mwa 141. Kupanikiza kumatuluka 136 m'malo mwa 52, ndipo yankho lomaliza limakhala 233, kuposa loona kawiri ndi theka. Cholakwika n'chakuti pulesha sitsika pang'onopang'ono mofanana. Pisitoni ikangochoka pa 0.02 kufika pa 0.04, itayenda gawo limodzi lokha mwa magawo asanu ndi awiri a ulendo wake, pulesha imakhala itagwa kale kuchoka pa 5,000 kufika pansi pa 1,900. Mphamvu yambiri ya injini imaperekedwa koyambirira kwa ulendo wotsika. Ndiye pojambula, werengani timadontho tiwiri kapena titatu ta pakati, monga pa 0.04 ndi pa 0.08, kuti mzere ukhote moyenera.

Amene alibe kakyuleta yotha masamu a 8^1.4, kapena amene wapatsidwa girafu yojambulidwa kale, angathe kuwerenga timabokosi ta pepala. Choyamba apeze mtengo wa kabokosi kamodzi: ngati msinkhu wake ukuimira makilopasikolo 200 ndipo mulifupi mwake ukuimira malita 0.01, kabokosiko ndi majulo 2. Awerenge timabokosi tonse tathunthu ta m'kati mwa mzere, awonjezere tija todulidwa ndi mzere timene gawo lalikulu lili m'kati, n'kusiya totsalato. Pa injini yathu ayenera kupeza timabokosi 44 kapena 45. Njirayi imaoneka yachibwana, koma ndi imene imagwira pa girafu ya injini yeniyeni, yomwe mizere yake sitsata lamulo limodzi la masamu.

Zolakwika zina ziwiri n'zazing'ono koma zimawononga yankho lonse. China ndi kusakaniza miyeso: ma sisi 140 mukawachulukitsa ndi makilopasikolo osawasandutsa malita, yankho limakula ka 1,000, njinga yamoto n'kuoneka yamphamvu ngati injini ya sitima. China ndi pulesha ya pa geji. Geji ya ku galaja imayambira pa ziro pamene pulesha yeniyeni ili kale pafupifupi 100, pomwe lamulo la P × V^1.4 limafuna pulesha yeniyeni, yowerengedwa kuchokera pamene palibiretu mpweya. Kutenthanso kuyenera kukhala m'makelivini. Ndipo 100 ameneyu si wa paliponse: ku Lilongwe, pa mtunda wa mamita opitirira 1,000, pulesha ya kunja ili pafupifupi 90, ndipo ku Dedza ndi yocheperapo. Kadontho 1 kakatsika, silinda imalandira mpweya wochepa, mkombero wonse umachepa, ndipo injini yopanda tebo imafooka pang'ono kumapiri.

Kuchoka pa ntchito kufika pa mphamvu imene imalembedwa m'buku la injini, pamafunika kusamala pa chinthu chimodzi. Magawo anayi a pa girafu si maulendo anayi a pisitoni. Mkombero wonse umene tajambula ukukwana m'maulendo awiri okha, wopanikiza ndi wokankha. Maulendo ena awiri, wokoka mpweya watsopano ndi wotulutsa utsi, pa girafu ya m'buku amangokhala kamzere kogona pa pulesha ya 100, kopita kumanzere n'kubwerera kumanja, kopanda malo m'kati. Koma nthawi amadya ndithu, ndiye injini ya maulendo anayi imamaliza mkombero umodzi kiranki ikazungulira kawiri. Ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi, mikombero ndi 3,000 pa mphindi, kapena 50 pa sekondi. Majulo 89 kuchulukitsa ndi 50 ndi mawati 4,450, pafupifupi makilowati anayi ndi theka. Woiwala kugawa ndi 2 amaipatsa injini mphamvu yowirikiza kawiri imene ilibe.

Pepala limakometsa zinthu. Masamu athu akuti majulo 89 pa 158 asanduka ntchito, kumene kuli 56 pa 100, pomwe injini wamba za petulo zimabweza cha m'ma 25 mpaka 35 pa 100 zikamayenda bwino. Kusiyanaku kumaoneka mukaika girafu yoyezedwa pa injini yeniyeni pambali pa ya m'buku. Ngodya zake zonse n'zobulungira, chifukwa petulo imatenga nthawi kupsa ndipo valavu ya utsi imatseguka pisitoni isanafike pansi. Mzere wofutukuka umakhala m'munsi mwa wa m'buku chifukwa kutentha kwina kumathawira m'makoma a silinda. Kamzere kogona kaja kamatseguka n'kukhala kamkombero kachiwiri kakang'ono, koyenda mosemphana ndi mivi ya wotchi, popeza injini imatulutsa utsi pa pulesha yokwererapo n'kukoka mpweya pa pulesha yotsikirapo. Malo a kamkombero aka amachotsedwa pa aakulu aja. Pambuyo pa zonsezi, kukhulana kwa zitsulo kumadyakonso gawo lake ntchito isanafike ku tayala.

Matenda a injini amene makaniko amawadziwa ndi khutu ali ndi malo ake pa girafu imeneyi. Maringi akatha kapena valavu ikamadontha, mpweya umathawa popanikiza, kadontho 2 kamatsika, ndipo 3 amatsika nako; ndi zimene geji ya kompuleshoni imayeza makaniko akaimanga pa bowo la pulagi. Moto ukachedwa, nsonga ya girafu imafupika n'kusunthira kumanja, mpweya n'kufika pa 4 ukadali wotentha kwambiri, moti mphamvu imathera mu ekizozi. Sefa ya mpweya ikatsekeka ndi fumbi la mu Okutobala, kamkombero kakang'ono kaja kamanenepa pomwe kakakulu kakuwonda. Pa zonse zitatuzi mwini njinga amamva chinthu chimodzi, kuti mafuta akupita koma pachitunda sikukoka.

Wofuna kuona ngati wagwira nkhaniyi asinthe nambala imodzi yokha: malo otsala pamwamba pa pisitoni akhale malita 0.016 m'malo mwa 0.02, kuti mpweya upanikizidwe kakhumi, kutentha kolowa kukhalebe majulo 158. Pa kakyuleta 10^1.4 ndi 25.12. Akajambula bwino n'kuwerenga njira zonse ziwiri, ya malo ndi ya kutentha, ayenera kupeza majulo 95.